Malikisi atatu pa khumi

Pepala lomwe linamusowetsa tulo linali la mtsikana wina wa Fomu 4 yemwe salankhulalankhula m'kalasi. Mphunzitsiyo, amene waphunzitsa mbiri yakale kwa zaka zambiri pasekondale ina yoyendera ku Thekerani, anali atachonga kale mapepala oposa 40 usiku umenewo, nyali ya sola itayamba kufooka, ndipo onse amaimba nyimbo imodzi. Funso linali lotenga malikisi 10. Pamwamba pake panali kandime ka ziganizo zinayi, komwe iye mwini anafupikitsa kuchokera m'mabuku akale otamanda ntchito ya boma la atsamunda pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kandimeko kamati wailesi ndi zikwangwani zinafikitsa uthenga wa nkhondo kwa anthu akuda a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, kuti anthuwo anamvetsa kuipa kwa Hitler, ndipo anadzipereka mwaunyinji kukalowa usilikali wa Keyala. Pansi pake anafunsa kuti: pogwiritsa ntchito ndimeyi ndi zomwe ukudziwa, fotokoza kuti zikwangwani ndi wailesi zinasintha maganizo a anthu mpaka pati.

Ana ambiri anangotembenuza ndimeyo, mutu kukhala kumiyendo. Anthu amamvera wailesi, analemba motero, amaona zithunzi, mitima inagwidwa, anapita kunkhondo. Iye anapereka 6, pena 7, kwa wolemba bwino 8. Mtsikana uja analemba mizere isanu ndi umodzi yokha. Anati agogo ake aakazi, omwe bambo awo anapita ku Burma, amanena kuti m'mudzi mwawo munalibe wailesi ngakhale imodzi, ndipo amene anabwera kudzatenga anyamata anali mesenjala wa kuboma limodzi ndi a mfumu. Anamaliza ndi chiganizo chimodzi chouma: ndime iyi ikunama. Mphunzitsiyo anazunguliza chiganizocho ndi cholembera chofiira, nalemba 3 pakona, n'kuika pepalalo pamulu.

Kenaka analichotsanso pamulupo.

Chomwe chinamuvuta si mwano wa mwanayo ayi. Chinali chakuti kwa zaka zonsezi wakhala akulipira ana chifukwa chobwereza ndime, osawafunsa n'komwe kuti wailesi yomwe akuinenayo inali m'nyumba ya yani. Iyenso anali asanadzifunsepo. M'mutu mwake, akamva za nkhondo ya 1939 mpaka 1945, amaona banja litazungulira wailesi monga amachitira anthu pamsika wa Thekerani Flames ikamasewera, ndipo chithunzi chimenecho anachitenga m'mabuku onena za London ndi Berlin, n'kuchikhazika ku Thyolo osachiyesa ngati chikukwana. Kutsutsa galu n'kukumba, choncho m'mawa mwake anayamba ndi chinthu chosavuta kwambiri: madeti.

Madetiwo anaima mbali ya agogo aja. Pamene nkhondo imayamba mu Sepitembala 1939, Nyasaland inalibe nyumba youlutsira mawu yakeyake. MBC inadzabadwa mu 1964. Wailesi yoyamba yolankhula ndi anthu akuda m'chigawo chino inayamba ku Lusaka mu 1941, pansi pa nthambi yofalitsa nkhani ya boma la Northern Rhodesia, ndipo cholinga chake chinalidi kufalitsa nkhani za nkhondo. Pamenepa ndime ija sinaname. Koma makina ake anali aang'ono, ndipo omvera amadalira mawailesi ochepa omwe boma linaika pamaboma, m'mabwalo a mafumu ena ndi m'maholo a kumigodi. Wailesi yomwe munthu wamba akanatha kugula inabwera nkhondo itatha kalekale. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, anavutika zaka zingapo kufunafuna kampani yomwe ingapange wailesi yotchipa yoyendera batire, mpaka kampani ya Ever Ready inavomera. Wailesiyo, yomwe inatchuka ndi dzina loti sefuliya chifukwa thupi lake linali ngati poto wophikira, inafika pamsika mu 1949, pamtengo wa mapaundi 5, batire lake masheleni 25. Mnyamata yemwe analembedwa usilikali mu 1942 sakanakopeka ndi wailesi ya 1949. Ndipo ngakhale mu 1949 momwemo, mapaundi 5 anali ndalama ya miyezi yambiri kwa munthu wothyola tiyi.

Apa mtima unamuuza kuti angofufuta 3 uja alembe 9, apepese, nkhani ithe. Anatsala pang'ono kutero. Koma atawerenganso mizere isanu ndi umodzi ija anaona kuti mwanayo nayenso sanayankhe funso. Anzake anameza ndime yonse, iye anailavula yonse, ndipo onsewo sanaitafune. Funso la mtundu umenewu silifunsa ngati ndime ikunena zoona kapena zabodza ngati mlandu wa mbuzi. Limafuna kuti wophunzira aigwire ndimeyo ngati mboni pabwalo: wanena ndani, ananena liti, amauza yani, anaima pati pamene amaona zomwe akunenazo, ndipo akanapindula chiyani anthu akamukhulupirira. N'chifukwa chake kamzere kakang'ono kamene kamakhala pansi pa ndime, kotchula wolemba ndi chaka, kamayenera kuwerengedwa ndime isanawerengedwe. Ana ambiri amakalumpha ngati dzina la kampani yosindikiza. Ndipo apa mphunzitsiyo anadzigwira yekha dzanja m'thumba: pa pepala lake sanaikepo kamzere kameneko. Anapatsa ana mboni yopanda dzina, n'kumayembekeza kuti aifunse mafunso.

Akanakalemba, kamzereko kakanati mawuwa ndi a anthu omwe ntchito yawo inali yofalitsa uthenga womwewo. Ofesala wa zofalitsa nkhani akamalemba lipoti kwa akuluakulu ake, amawerenga zomwe angathe kuwerenga: zikwangwani zingati zasindikizidwa, maola angati aulutsidwa, anthu angati anasonkhana. Manambala amenewo amakhala oona, ndipo wophunzira ayenera kuwagwiritsa ntchito. Chomwe ofesalayo sangathe kuwerenga ndi zomwe zinali m'mitima ya anthu atabalalika pamsonkhanopo, komanso ndalama za chaka chamawa zimadalira kuti lipoti lake linene kuti ntchito ikuyenda. Choncho ndime yotere ndi umboni wamphamvu wa zomwe boma limafuna kuti anthu aganize, ndi umboni wapakatikati wa zomwe linachita, koma ndi umboni wofooka wa zomwe anthu anaganizadi. Ziganizo zinayi za ndime ija zinali za mitundu itatu imeneyi, zitasokedwa pamodzi bwinobwino moti msoko sumaoneka. Ntchito ya woyankha ndi kupeza msokowo. Mawu oti "anamvetsa" ndi oti "anadzipereka" ndiwo anali pamsoko penipeni, chifukwa ndi pamene wolemba anachoka pa zomwe anaona n'kulowa m'mutu mwa anthu ena.

Mwina wina n'kunena kuti vutoli ndi la kwathu kuno kokha, komwe mawailesi anali osowa. Mphunzitsiyo anaganizanso choncho kwa tsiku limodzi kapena awiri, mpaka anakumbukira kuti ngakhale komwe wailesi inali m'nyumba zambiri nkhani yake siyoongoka. Ku Jeremani, Joseph Goebbels anaonetsetsa kuti makampani apange wailesi yotchipa, VE 301, yomwe inatuluka mu 1933 pamtengo wa mamaki 76, ndipo mu 1938 kunabwera ina yaing'ono ya mamaki 35, imene anthu anaipatsa dzina lachipongwe loti kamwa ya Goebbels. Dzina lokhalo likunena kanthu za omvera. Kenaka pa 1 Sepitembala 1939, tsiku lomwe asilikali a Jeremani analowa m'Poland, kunalembedwa lamulo loletsa kumvera mawailesi akunja; wopezeka akumvera amapita kundende, ndipo wofalitsa zomwe wamva amatha kuphedwa. Wophunzira wochenjera amaliwerenga lamulo limeneli mbali ziwiri. Likuonetsa kuti boma limakhulupirira kuti wailesi ili ndi mphamvu, apo ayi silikanaopa BBC. Likuonetsanso kuti boma lomwelo silimakhulupirira kuti wailesi yake yagwira anthu mokwanira, apo ayi silikanafuna ndende kuti ithandizire.

Ku Mangalande kunachitika china chosekesa. William Joyce, yemwe amaulutsa m'Chingerezi kuchokera ku Jeremani ndipo anthu anamutcha Lord Haw-Haw, anali ndi omvera ochuluka zedi miyezi yoyamba ya nkhondo. Kafukufuku wa BBC kumayambiriro kwa 1940 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 miliyoni amamumvera kawirikawiri, ndipo ena ochuluka kuposa pamenepo amamumvera mwa apo ndi apo. Wolemba lipoti ku Berlin akanatha kunyadira nambala imeneyo. Koma ambiri amamumvera pofuna kuseka, ena pofuna kumva zomwe BBC ikubisa, ndipo nkhondo itafika povuta m'chaka chomwecho omverawo anachepa. Joyce ananyongedwa pa 3 Januwale 1946, dziko lomwe amalilankhula usiku uliwonse litapambana nkhondoyo. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa kampeni pabwalo la mpira kumudzi, n'kulandira tisheti ya chipani china, mawa lake n'kukavinanso kwa chipani china, sangavutike kumvetsa kusiyana kwa kumvera ndi kukhulupirira. Ana a Fomu 4 amazidziwa bwino zimenezi. Amangoziiwala akaona pepala la mayeso.

Zikwangwani ndiye zimanyenga kuposa wailesi, chifukwa mawu a pawailesi amauluka koma pepala limatsala, n'kudzapezeka m'buku la sukulu likuoneka ngati dziko lonse linaliona. Pali chija chofiira cha ku Mangalande, chokhala ndi chisoti chachifumu pamwamba, cholangiza anthu kukhazika mtima pansi n'kupitiriza ntchito zawo, chomwe masiku ano mumachipeza pa matisheti a kaunjika ku Luchenza ndi ku Limbe. Chinasindikizidwa mu 1939, makope oposa 2 miliyoni, koma sichinakhomedwe pafupifupi pena paliponse. Anachisunga kudikira tsiku loopsa, kenaka ambiri mwa mapepalawo anawaphwanya chifukwa cha kusowa kwa mapepala. Chinatchuka m'chaka cha 2000, kope lina litapezeka m'bokosi la mabuku akale pasitolo ina ku Alnwick. Mwana akachiona m'buku n'kulemba kuti chinalimbitsa mitima ya Angerezi mabomba akugwa, walemba za chinthu chomwe sichinachitike. Chinzake chomwe chinakhomedwadi nthawi imeneyo chimauza anthu kuti kulimba mtima kwanu, chimwemwe chanu ndi khama lanu zidzatibweretsera ife chipambano. Bungwe la Mass-Observation, lomwe limatumiza anthu kukamvetsera zokamba za anthu wamba m'misewu ndi m'mabala, linapeza kuti ambiri sanachikonde. Anafunsa kuti "inu" ndani, "ife" ndani. Kodi ovutika akhale ena, opambana ena? Timawu tiwiri tokha tinatembenuza uthenga wonse.

Pamenepa mphunzitsiyo anakhala nthawi yaitali, chifukwa funso la "inu" ndi "ife" ndi lomwe munthu wa ku Thyolo akanafunsa mokweza kuposa wa ku London. Pali chikwangwani china chodziwika cha nthawi yomweyo chosonyeza asilikali a maiko a ufumu wa Britain akuguba pansi pa mbendera imodzi, mutu wake ndi liwu limodzi lotanthauza kuti pamodzi. Azungu ali patsogolo, Mmwenye ndi munthu wakuda ali chakumbuyo. Wojambula amati akuonetsa umodzi, ndipo mwina ndi mtima woona. Koma tayerekezani chitakhomedwa pakhoma la sitolo ya pa esiteti mu 1942, pamaso pa munthu wokhala pamalo a mzungu mwa thangata, amene makolo ake anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique kuthawa chibalo cha Apwitikizi, amene kunyumba amalankhula Chilomwe ndipo zilembo za Chingerezi sakuzidziwa. Iye sawerenga mawuwo. Amawerenga chithunzi, ndipo m'chithunzimo akudziona ali pomwe amakhala masiku onse, kumbuyo kwa mzere. Poyankha funso la chikwangwani, mwana amayenera kufotokoza zomwe zajambulidwa, wamkulu ndani, wamng'ono ndani, wayang'ana kuti, kenaka n'kufunsa kuti woonayo anabwera ndi chiyani m'mutu mwake asanachione.

Ndipo anthu a ku Nyasaland anabwera ndi katundu wolemera. Mu 1939 m'midzi munali madoda ambiri omwe anasenzapo katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amtengatenga aja, omwe anatengedwa mokakamiza ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Panalinso okumbukira kuti John Chilembwe, mu Novembala 1914, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo, ndipo miyezi iwiri pambuyo pake kunabuka zija za Januwale 1915 ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Thyolo. Uthenga uliwonse wa 1940 umagwera pa nthaka imeneyi. Chikwangwani chimati kamenyereni ufulu, agogo pakhonde amati ine ndinapitako.

Komabe anyamata anapita, ndipo anapita ochuluka: oposa 20,000 ochokera ku Nyasaland, omwe ena anakamenya ku Somaliland ndi ku Abisiniya, ena ku Madagascar mu 1942, ena m'nkhalango za Burma mu 1944. Ndime ija imatenga nambala yotereyi ngati umboni wakuti uthenga unagwira. Apa ndi pomwe malikisi ambiri amabisala, chifukwa woyankha wabwino amafunsa ngati palibe china chomwe chikanabweretsa zotsatira zomwezo. Zinalipo zingapo, ndipo agogo a mtsikana uja anatchula chachikulu. Kuyambira 1933 boma limalamulira kudzera mwa mafumu, ndipo pofuna asilikali limadzera komweko. Mfumu yomwe mudzi wake sunatulutse anyamata imadziwa kuti bwana wa kuboma sakondwa. Panali msonkho, womwe umafuna ndalama chaka ndi chaka. Panali malipiro a msilikali, omwe amaposa kutali a tikiti ya pa esiteti, kuwonjezapo chakudya, yunifolomu, ndi mwayi wophunzira kuyendetsa galimoto. Dzikoli linali kale lotumiza amuna ake ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a Southern Rhodesia, kotero kwa ena usilikali unali ulendo wina wokafuna ndalama. Ku Thyolo kunalinso chokoka cha mbali ina: Britain imagula tiyi yense wa kuno, popeza kwawoko tiyi amagawidwa mopimira kuyambira Julaye 1940, maaunsi awiri pa munthu pa sabata, ndipo eni minda amafuna manja omwewo amene Keyala imafuna.

Nkhondo inafikanso ku Thyolo m'njira yomwe palibe wojambula akanaiganiza. Italiya italowa nkhondo pa 10 Juni 1940, Mataliyana okhala muno anasanduka nzika za dziko la adani, ndipo mmodzi mwa iwo anali Conforzi, mwini minda yaikulu ya tiyi ndi fodya m'bomali. Anatsekeredwa, minda yake n'kuyang'aniridwa ndi boma. Kwa wantchito amene anazolowera kuona azungu onse ngati mtundu umodzi, kuona bwana wamkulu chotero atatengedwa ndi azungu anzake inali nkhani yomwe sinafune batire kuti iyende.

Ndiye kodi tinene kuti pulopaganda sinachite kanthu? Uku ndi komwe mtsikana uja anathamangira, ndipo mphunzitsiyo, atatenthedwa ndi zomwe anapeza, anatsala pang'ono kumutsatira. Zinamubweza ndi zinthu ziwiri. Choyamba, akuluakulu a nkhondo eniakewo anadziwa kuti pepala ndi wailesi sizikufika kumudzi, n'chifukwa chake anapanga gulu loyendayenda la asilikali akuda, lotsogozedwa ndi Alec Dickson, yemwe pambuyo pake anadzayambitsa bungwe la VSO. Gululi limayenda m'maboma a kum'mawa ndi pakati pa Africa kuonetsa perete, masewero olimbitsa thupi, zida ndi kanema. Mnyamata amaona mnzake wa msinkhu wake atanenepa, atavala nsapato, akulamula anzake m'chinenero chomwe iye akumva. Imeneyinso ndi pulopaganda, kungoti inali ya thupi ndi maso, ndipo kupangidwa kwake ndi umboni wakuti njira ziwiri zomwe funso likutchula sizimakwanira.

Chachiwiri chinachokera m'moyo wake womwe. Iye anakula m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ili mkati tsidya la Ruo, othawa kwawo akudzaza maboma a m'malire mpaka kupitirira 1 miliyoni m'dziko lonse. M'mudzi mwawo wailesi zinali zowerengeka. Bambo ake anali nayo, ndipo usiku amaitsitsa mawu, khutu atagunditsa pa sipika, kusakasaka masiteshoni akunja mkati mwa phokoso longa mvula pa malata. Amamvera munthu mmodzi. Koma pofika masana a tsiku lotsatira nkhaniyo imakhala itafika pachigayo, pachitsime, kutchalitchi, itawonjezedwa mchere, itasakanizidwa ndi zomwe wanena mayi wina amene wangowoloka mtsinje ndi mwana kumsana. Wofunsa kuti "ndani ali ndi wailesi?" akanapeza anthu atatu. Wofunsa kuti "ndani wamva?" akanapeza mudzi wonse. Mu 1942 zikanayendanso motero: kalaliki wa paboma, mphunzitsi wa kumishoni, kapitawo, msilikali wobwera patchuthi, aliyense kutenga chidutswa n'kuchipereka m'mawu akeake. Choncho agogo aja ananena zoona kuti m'mudzi munalibe wailesi, koma mesenjala yemwe anabwera ndi a mfumu uja n'kutheka kuti mawu ena omwe analankhula anayambira ku Lusaka kapena ku Zomba. Uthenga umafika, koma utadutsa m'kamwa zitatu, ndipo pakamwa paliponse umasintha fungo. Agogonso ndi mboni, ndipo nawo amafunsidwa mafunso omwe aja: anali ndi zaka zingati, anaona okha kapena anamva kwa amayi awo, akunena za mudzi umodzi kapena za dziko.

Lolemba lotsatira analowa m'kalasi ndi mapepalawo osawagawa. Analembanso ndime ija pabolodi, ulendo uno ndi kamzere ka pansi, ndipo anauza ana kuti adule mzere pansi pa mawu aliwonse omwe wolembayo akanatha kuona ndi maso ake. Anadula pansi pa wailesi, pansi pa zikwangwani, pansi pa kulowa usilikali. Atafika pa "anamvetsa" kalasi inagawikana, ndipo mnyamata wina wakumbuyo anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga iyeyo anadziwa bwanji?" Funso limenelo ndi lomwe iye analephera kufunsa kwa zaka zonse zija, koma sanawauze.

Kenaka anamanga nawo yankho, chiganizo ndi chiganizo, choko chikutha m'manja. Linayamba ndi chigamulo, osati ndi mbiri ya Hitler: kuti wailesi ndi zikwangwani zinathandiza pang'ono, makamaka kudzera mwa anthu ophunzira ndi ogwira ntchito m'boma, koma sizinali chifukwa chachikulu chomwe anyamata analowera usilikali. Linatenga mawu enieni a m'ndime n'kuvomera zomwe zili zoona, kuti kuulutsa kunayambadi ku Lusaka mu 1941. Linaika malire ndi deti lachiwiri, 1949, chaka cha wailesi ya sefuliya. Linatchula wolemba ndimeyo ndi chifukwa chomwe akanakometsera ntchito yake. Linabweretsa zifukwa zina ziwiri, mafumu ndi malipiro, zofotokozedwa mokwanira m'malo mwa zisanu zongotchula. Linaponyamo chitsanzo chimodzi chakunja, cha omvera 6 miliyoni a Joyce, posonyeza kuti kumvera si kukhulupirira. Ndipo linabwerera ku mawu a funso, "mpaka pati", chifukwa mawu amenewo amafuna muyeso, safuna inde kapena ayi. Malikisi anawagawa poyera: 2 a kumvetsa zomwe ndime ikunena, 3 a kuyesa mboniyo, 3 a zomwe wophunzira wabweretsa kuchokera kunja kwa ndime, 2 a chigamulo chogwirizana ndi umboni. Ana omwe anapeza 7 sabata yathayo anayamba kuwerengera pa zala, nkhope zikugwa.

Mtsikana uja sanakweze dzanja mpaka belu linalira. Anzake atatuluka anatsalira pakhomo, nati, "Aphunzitsi, ndiye kuti agogo analakwa?"

"Sanalakwe," anayankha. "Koma iwe unawaika agogo pamalo pa yankho lonse. Iwo ndi mboni yachiwiri. Yoyamba ndi ndimeyo, ndipo sunaifunse kanthu, unangoithamangitsa pabwalo." Anamuuza kuti akapita kumudzi akawafunse agogowo zinthu zitatu: kuti nkhani ya mesenjala anaimva kwa yani, kuti bambo awo atabwera ku Burma ankanena chiyani za chifukwa chomwe anapitira, ndiponso kuti wailesi yoyamba m'mudzimo anaigula ndani, chaka chiti.

Usiku umenewo anachonganso mulu wonse ndi muyeso watsopano. Mapepala ambiri a 7 anatsikira pa 4. La mtsikana uja analikweza kuchoka pa 3 kufika pa 5: awiri a umboni wakunja, awiri a kukayikira mboni, imodzi ya chigamulo, ndipo pa kumvetsa ndime analemba 0, popeza m'mizere yake isanu ndi umodzi munalibe liwu ngakhale limodzi lotengedwa m'ndimemo.